Lachinayi lililonse foni izikukumbutsani yokha

Tiyerekeze kuti gulu lanu la banki mkhonde limakumana Lachinayi lililonse 2 koloko masana, ndipo wochedwa amalipa chindapusa. Ambiri amatchera alamu usiku wa Lachitatu, sabata ina n'kuiwala. Ena amalemba msonkhano uliwonse paokhapaokha m'kalendala ya foni mpaka chala kuwawa. Zonsezi n'kudzivutitsa chabe, chifukwa kalendalayo imangofuna kuuzidwa kamodzi kokha.

Mu Google Calendar, yomwe imapezeka pa mafoni ambiri a Android, dinani chizindikiro cha +, musankhe Event, mulembe dzina la msonkhano, tsiku loyamba ndi nthawi. Kenako yang'anani mawu akuti Does not repeat. Mukawadina pamabwera mndandanda, ndipo Every week ndiye amene amabwereza msonkhanowo pa tsiku lomwelo sabata iliyonse. Pa iPhone mawu ake ndi Repeat. Koma ine ndimalangiza anthu kuti atsike mpaka pa Custom, chifukwa m'menemo ndi momwe mumaona ndi maso zimene mukuuza foni.

Mu Custom muli timabwalo tisanu ndi tiwiri ta masiku, chilichonse ndi chilembo chimodzi cha Chingerezi. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: T alipo awiri. Wotsatana ndi M ndi Lachiwiri, wa Lachinayi ndi amene ali pakati pa W ndi F. Mukadina wolakwika osachotsa winayo, foni izikuitanirani ku msonkhano kawiri pa sabata.

Chofunika kumvetsa n'chakuti foni sisunga misonkhano 52 ya chaka chonse. Imasunga msonkhano umodzi ndi lamulo lowerengera ina yonse. Makalendala ambiri amalemba lamuloli potsata muyezo wotchedwa iCalendar, ndipo la gulu lathuli lingaoneke chonchi:

```
RRULE:FREQ=WEEKLY;BYDAY=TH;COUNT=40
```

Ndiye kuti sabata iliyonse, Lachinayi, maulendo 40. Simuyenera kulemba zimenezi nokha, foni imadzilembera. Koma mukadziwa kuti ndi lamulo limodzi, funso lija limene limabwera mukafuna kusintha kanthu silikuzunguzaninso.

Tinene kuti m'mudzi mwagwa maliro ndipo msonkhano wa sabata ino wasunthidwira Loweruka. Mukasintha tsiku n'kusunga, Google Calendar imafunsa ngati kusinthako kukhudze msonkhano umodzi wokha kapena yambiri. This event imasuntha wa sabata ino basi, ina yonse n'kukhala m'malo mwake. This and following events imadula lamulolo pawiri: zakale zimatsala momwe zinalili, zam'tsogolo zimatsata zatsopano. Imeneyi ndi yoyenera pamene gulu lagwirizana kuti kuyambira lero lizikumana 3 koloko chifukwa cha ntchito ya kumunda. All events imakhudza ngakhale misonkhano imene inadutsa kale, choncho poisankha muzikhala mukudziwa chimene mukuchita, makamaka pofufuta. Mukatha, tsegulani sabata ziwiri zikubwerazo muone ngati Lachinayi likadali ndi msonkhano wake.

Nanga lamulolo lithe liti? Mutha kulisiya lopanda mapeto, kulipatsa tsiku lothera, kapena kulipatsa chiwerengero cha maulendo. Chiwerengerocho chili ndi kamsampha. Mukaika 40 kenako n'kufufuta msonkhano umodzi pakati, foni siwonjezera wina kumapeto. Mumatsala ndi 39 ndipo tsiku lomaliza silisuntha. Kwa gulu limene limadziwa kale tsiku logawana masheya mu Disembala, kuika tsikulo n'kwabwino kuposa kuwerenga maulendo.

Magulu okumana sabata ziwiri zilizonse amaika 2 pamalo pa 1 mu Custom. Foni imayamba kuwerenga pa tsiku loyamba limene munalemba, ndiye mukayambira Lachinayi lolakwika, izikukumbutsani sabata zopuma zokhazokha.

Kukhala m'kalendala sikutanthauza kuti foni ilira. Kulirako kumachokera pa Add notification, ndipo nthawi imene imakhalapo kale nthawi zambiri ndi mphindi zochepa msonkhano usanayambe. Mphindi khumi sizingakupezereni ndalama ya sheya. Ikani zikumbutso ziwiri: china kutatsala tsiku limodzi kuti mukonze ndalama, china kutatsala ola limodzi kuti munyamuke. Zonse zimatsatira lamulo lija sabata ndi sabata, ngakhale mulibe bandulo, bola msonkhanowo unasungidwa kale pa foniyo.

Ngati msonkhano ukuoneka m'kalendala koma foni ili zii, lamulo lilibe vuto. Kawirikawiri wolakwa ndi pulogalamu yosunga batire, imene imatseka mapulogalamu ena foni ikakhala m'thumba, kapena chilolezo cha mauthenga n'chozimitsa. Lowani mu Settings, mupeze Calendar pa mndandanda wa mapulogalamu, muyatse Notifications ndi kuilola kugwiritsa ntchito batire mosaletsedwa. Kenako lembani kamsonkhano koyesera ka mphindi khumi zikubwerazo, muike chikumbutso cha mphindi zisanu, mutseke foni, mudikire ilire.