Werengani masiku musanawerenge ndalama

Munthu amene akuphunzira digiri yaciwiri, imene kuno timati mesitirado, sangokhala m'kalasi ayi. Amayenera kupita kumidzi kukacita kafukufuku. Asanapite, amalembera aphunzitsi ake pepala lonena zimene akufuna kukafufuza, nthawi imene adzagwire nchitoyo, ndi ndalama zimene zidzafunike. Ndalamazo sazilemba mongoganiza. Zimacokera pa masiku a nchito.

Tiyerekeze wophunzira wa ku UniZambeze, pa sukulu ya zaulimi ya ku Ulongwe. Akufuna kufunsa alimi 60 a mbatata ya kacewere ku Domwe za mmene amathirira feteleza.

Coyamba asankhe nyengo. Kuyambira Disembala mpaka Malici kuno mvula imagwa kwambiri, misewu yafumbi imaterera, ndipo anthu amakhala kumunda. Juni ndi Julayi ndiye bwino: misewu ndi youma, ngakhale kumazizira.

Kenaka awerenge masiku. Ngati akufunsa alimi 5 pa tsiku, alimi 60 atenga masiku 12. Awonjeze masiku 2 okaonetsa kalata ya ku yunivesite ku ofesi ya boma ya Domwe ndi kwa mafumu. Awonjezenso masiku 2, cifukwa pamudzi pakagwa maliro sangafunse munthu. Onse pamodzi ndi masiku 16. Akamapita masiku 4 pa sabata, ndiye kuti masabata 4. Alembenso pa ndandanda mwezi wokonza mafunso asanapite, ndi miyezi yolemba zimene wapeza akabwerako.

Tsopano ndalama. Mitengo iyi ndi citsanzo cabe, yeniyeni akafunse kwa eni ake. Tinene kuti njinga yamoto ndi metikali 400 pa tsiku. Masiku 16 ndi 6.400. Womuthandiza, amene amadziwa njira ndi anthu a m'midzimo, alandire 500 pa tsiku, cakudya cili momwemo. Masiku 16 ndi 8.000. Kredito ya foni yoimbira alimi ndi aphunzitsi ikhale 150 pa sabata. Masabata 4 ndi 600. Zonse pamodzi ndi 15.000.

Pa 100 iliyonse awonjeze 10 ya zogwa mwadzidzidzi, monga kukwera kwa mafuta. Imeneyo ndi 1.500. Ndiye ndalama yopempha ndi metikali 16.500.

Nanga colakwika mungacione bwanji? Ikani ndandanda ya masiku pambali pa ndandanda ya ndalama. Ngati uku kwalembedwa masiku 16 koma ndalama ya njinga ndi ya masiku 12, wophunzirayo adzatsala panjira alimi ena asanawafunse. Cinanso, apangane ndi womuthandiza asanayambe: kodi tsiku limene nchito yalephereka adzalipidwa? Akagwirizana, alembe papepala ndipo onse awiri asaine.

Kawerengedwe kameneka mungakagwiritsenso nchito pa gulu lanu la alimi kapena la kuchalichi pokonza ulendo: masiku poyamba, mtengo wa tsiku limodzi, kenaka kuphatikiza.