Uvuni Wanu Akanena 180, Kodi Akunena Zoona?

Amayi ambiri ophika masikono ndi makeke ogulitsa amadziimba mlandu zinthu zikalakwika. Keke ikapserera m'mbali koma pakati pali pawisi, amati mwina achulutsa shuga, mwina ufa ndi wakale. Nthawi zambiri vuto silikhala m'mbale yosakanizira. Limakhala mu uvuni. Nambala imene mwapotokolera batani ndi pempho chabe, ndipo uvuni wokalamba, ngakhalenso watsopano wotsika mtengo, akhoza kuphonya ndi madigiri 20 kapena kuposa.

Chida chothetsera kukayikaku ndi themomita ya mu uvuni. Ndi kachitsulo kozungulira kokhala ndi muvi, kamene kamaima kapena kukolekedwa pa shelefu, ndipo kamapezeka m'masitolo a ziwiya za kukhitchini. Musaisokoneze ndi yolasira nyama, imene zina zake zili ndi pulasitiki wosungunuka.

Ikani shelefu pakati pa uvuni, ndipo themomita ikhale pakati pa shelefuyo, pamene keke imakhala. Isagunde khoma. Muiyang'anitse ku galasi la chitseko kuti muziwerenga osatsegula. Yatsani uvuni pa madigiri 180, mudikire mphindi 20 zathunthu. Kagetsi kamene kamazima kusonyeza kuti uvuni watentha kamafulumira: mpweya umakhala utatentha, koma makoma achitsulo asanatenthe mokwanira.

Pano ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amayang'ana kamodzi n'kugamula mlandu. Uvuni sakhala pa kutentha kumodzi. M'kati mwake muli kachida kamene kamazimitsa moto kutentha kukapitirira, n'kuyatsanso kukatsika, choncho muvi umakwera ndi kutsika nthawi yonse. Zimenezi si matenda ayi. Chofunika ndi pakati pa kukwera ndi kutsikako. Werengani kanayi, kusiyanitsa mphindi 5 kapena 10, ndipo muzilemba. Tinene kuti mwapeza 165, 150, 170 ndi 155. Mukaphatikiza ndi 640, mukagawa kanayi ndi 160. Uvuni wanu ndi woperewera ndi madigiri 20. N'chifukwa chake keke yanu imachedwa kupsa, imatuluka yotuwa ndi youma, popeza yakhalitsa m'kati ikudikira moto umene kulibe. Potokolani batani kufika pa 200, mudikirenso, muwerengenso, mpaka mutapeza malo amene amakupatsani 180 weniweni.

Musayese pamalo amodzi okha. Uvuni woperewera ndi 20 pa 180 akhoza kuperewera ndi 30 pa 220, pomwe masikono amafuna moto waukulu wotero. Yesani pa 160, pa 180 ndi pa 220, mulembe pa kapepala, mumate pakhoma pafupi ndi chitofu kuti aliyense wophika m'nyumbamo aone. Ngati uvuni wanu uli ndi fani, kumbukirani kuti mpweya woyenda umapsereza msanga, ndiye pamene malangizo anena 180, inu mufune 160.

Amene sanapeze themomita akhoza kuyamba ndi shuga. Shuga woyera amasungunuka cha pa madigiri 186. Ikani supuni imodzi pa kambale kachitsulo mu uvuni wa 175 kwa mphindi 15. Akasungunuka, uvuni wanu ndi wotentha mopitirira. Akapanda kusungunuka ngakhale pa 190, ndi wozizira. Njirayi imangokuuzani mbali imene uvuni walakwira, osati kukula kwa cholakwacho.

Themomita imanena za malo amodzi okha, pamene yaima. Kuti muone uvuni wonse, gulani lofu ya buledi woyera wodulidwa kale. Uvuni ukatentha bwino pa 180, yalani zidutswa zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zinayi pa shelefu yapakati, kuyambira ngodya ina mpaka inzake, kutsogolo mpaka kumbuyo. Tsekani, ndipo muziyang'ana pagalasi. Pakapita mphindi 8 kapena 10, zina zimayamba kufiira. Tulutsani zonse, muziyale patebulo monga momwe zinaliri mu uvuni, ndipo mutembenuze muone kunsi kwake. Mudzaona zodabwitsa: chidutswa cha ngodya yakumbuyo kumanzere chada bii, chapakati chafiira bwino, pomwe cha pafupi ndi chitseko chikadali choyera ngati sichinalowemo. Jambulani ndi foni. Chitaninso chimodzimodzi pa shelefu yapamwamba ndi yapansi. Buledi ameneyu sanawonongeke, amweredwa tiyi, koma wakusonyezani zimene mukanaphunzira popsereza makeke ambiri.

Kumbuyo kumakonda kutentha chifukwa kutsogolo kutentha kumathawira pagalasi ndi m'mphepete mwa chitseko. Ngati kutsogolo kwazizira kwambiri, yang'anani labala wa pachitseko. Panani pepala pachitseko uvuni uli wozizira, mulikoke; likasololoka mosavuta, labalayo watha kapena chitseko sichikutseka bwino. Mu uvuni wa gasi moto umachokera pansi, ndiye thireyi yotsika imapserera kunsi. Thireyi yakuda imapserezanso kunsi msanga kuposa yowala, ndipo thireyi yaikulu yogunda makoma imatseka njira ya mpweya wotentha.

Tsopano za kutembenuza. Ine ndimati musatembenuze chifukwa chakuti aliyense amatero. Ngati buledi uja anafiira mofanana, siyani chitseko chitsekeke, chifukwa mukatsegula kutentha kumagwa, ndipo uvuni wofooka umatenga nthawi kuti ubwerere. Madzulo magetsi akafooka, kuchoka pa mavoti 230 kufika pa 200, chitsulo chotenthetsera chimataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu yake, ndiye kubwererako kumachedwa kwambiri. Kutembenuzanso sikukonza uvuni wozizira kapena wotentha mopitirira; kumangogawa moto mofanana.

Pamene kusiyana kulipo, nthawi yotembenuza imadalira chimene mukuphika. Mabisiketi savuta, atembenuzeni nthawi ikafika theka. Masikono a mphindi 15 adikireni afufume kaye, cha pa mphindi 9 kapena 10. Keke ndiyo yofunika kuisamala kwambiri. Ikamafufuma, m'kati mwake mumakhala timatumba ta mpweya togwiridwa ndi phala limene silinalimbe. Mukaigwedeza kapena kuilowetsera mphepo pa nthawiyi, pakati pamaphwa, ndipo sipadzukanso. Dikirani padutse magawo awiri mwa atatu a nthawi yake: keke ya mphindi 45 musaikhudze isanakwane mphindi 30. Yang'anani pagalasi. Ngati pamwamba pauma, pafiira pang'ono, ndipo pakati sipakunyezimira ngati phala, mukhoza kuitembenuza.

Valani zogwirira musanatsegule, osati chitseko chili yasa inu mukusaka nsalu. Zunguzani thireyi kuti mbali imene inali kumbuyo ibwere kutsogolo. Ngati mathireyi ndi awiri, yapamwamba itsike, yapansi ikwere, ndipo iliyonse izunguliridwenso. Anthu ambiri amangosintha mashelefu, ngodya yomweyo n'kubwereranso kumoto komweko. Kamodzi n'kokwanira.

Pali zina zimene kapepala ka pakhoma sikangathetse. Ngati muvi ukudumpha kuchoka pa 140 kufika pa 220 batani lili pamalo amodzi, kapena ukungokwera osaima, kachida koyang'anira kutentha kawonongeka. Ngati pamwamba pakupsa koma kunsi kuli kwawisi nthawi zonse, mwina chitsulo chotenthetsera chapansi chafa. Mu uvuni wa gasi, moto wachikasu wotulutsa mwaye m'malo mwa wabuluu ndi woopsa, chifukwa umatha kutulutsa mpweya wakupha umene sununkha. Zimenezi zikaoneka, zimitsani uvuni, muitane mmisiri wodziwa ntchito yake.