Chifuwa chikasiya, mankhwala a TB musasiye

Odwala chifuwa chachikulu ambiri salekeza mankhwala pa nthawi imene akudwala kwambiri. Amalekeza m'mwezi wachiwiri kapena wachitatu, pamene kutsokomola kwatha, thukuta la usiku lasiya, ndipo nsima yayamba kulowa. Munthu amati wachira, n'kubwerera kumunda kapena ku geni, khadi la kuchipatala n'kuliiwala m'thumba la jekete. Apa ndiye pamene matenda amapezera mpata.

Tiyerekeze bambo wolemera makilogalamu 60 amene wamupeza ndi TB ya m'mapapo. Amupatsa mapilitsi anayi oti azimwa onse pamodzi, kamodzi pa tsiku, tsiku lililonse. Chiwerengerochi chimatsatira sikelo, n'chifukwa chake amamuyeza akapita kukatenga mankhwala, ndipo akanenepa akhoza kumuwonjezera. Miyezi iwiri yoyamba, pilitsi lililonse limakhala ndi mankhwala anayi: rifampisini, aizoniyazidi, pirazinamayidi ndi etambutolo. Miyezi inayi yotsatira amamwa mapilitsi okhala ndi awiri oyambawo basi. M'zipatala za boma ku Malawi mankhwalawa ndi aulere.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa, m'mimba muli mopanda kanthu, kenako n'kudikira ngati ola asanamwe phala. Ngati akuchita nseru, angathe kumwera kachakudya kochepa, kusiyana n'kudumphitsa. Akaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo, amwe pomwepo. Akakumbukira mawa lake, asaphatikize a masiku awiri, koma akanene kuchipatala kuti masiku odumphawo alembedwe pa khadi ndipo awonjezedwe kumapeto. Ndi bwinonso kuti m'nyumba mukhale munthu mmodzi womuonerera akumeza, n'kuchonga pa khadi.

Nanga n'chifukwa chiyani miyezi isanu ndi umodzi yathunthu? Tizilombo ta TB sitifa nthawi imodzi. Tambiri timakhala tikuswana, ndipo timeneti mankhwala amatipha m'masabata oyambirira, n'chifukwa chake thupi limapepuka msanga. Koma pali tina timene timabisala m'mabala a m'mapapo, tili ngati tagona, n'kumadzuka mwa apo ndi apo. Mankhwala amatipeza bwino tikadzuka. Miyezi inayi yomalizayo ndi yodikirira timeneti. Zili ngati kulimira udzu pamwamba mizu n'kuisiya: mvula ikagwa umaphukanso.

Bambo uja akalekeza m'mwezi wachitatu, sadzaona vuto sabata yoyamba. Patapita miyezi, chifuwa chidzabwerera, thupi n'kuyambanso kutha, ana ogona naye chipinda chimodzi n'kumapuma tizilomboto. Choopsa koposa n'chakuti kumwa modumphadumpha kumapatsa mwayi tizilombo tolimba kuti tipulumuke n'kuswana. Zikafika poti rifampisini ndi aizoniyazidi sizikugwiranso ntchito, imeneyo ndi TB yosamva mankhwala. Imachizika ndithu, koma ndi mankhwala ena ovuta m'thupi, ndipo ena amamwa mpaka miyezi 18 kapena kupitirira. Munthu akatha miyezi iwiri yotsatizana osamwa, sangangopitiriza pamene analekezera. Amayezedwanso makhololo, ndipo nthawi zambiri amayambira poyamba.

Kuchira kumatsimikizidwa ndi makhololo, osati ndi mmene munthu akumvera. Amayezedwa pakutha pa mwezi wachiwiri, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi. Ngati m'mwezi wachisanu tizilombo tikuonekabe, ndiye kuti mankhwala sakugwira, ndipo achipatala amafufuza ngati tayamba kukana mankhwala.

Sindingabise, mankhwalawa ali ndi zovuta zake, ndipo ambiri amasiya chifukwa palibe anawachenjeza. Mkodzo, thukuta ngakhale misozi zimasanduka zofiirira. Si magazi ayi, ndi mtundu wa rifampisini, ndipo palibe choopsa. Mapazi akamachita dzanzi kapena kutentha, pali vitamini B6 amene amathandiza. Koma maso akasanduka achikasu, munthu n'kumasanza mosalekeza, akatuluka zidzolo thupi lonse, kapena akayamba kuona mwachimbuuzi, asamwe mapilitsi otsatira asanaonane ndi dokotala, ndipo apite tsiku lomwelo. Chikasu chimasonyeza kuti chiwindi chavutika. Mowa, makamaka kachasu, umawonjezera katundu pa chiwindi chomwecho, choncho uyenera kulekedwa miyezi yonseyi.

Rifampisini amafooketsanso mankhwala ena. Mayi amene akumwa mapilitsi olera kapena ali ndi kolera ka pamkono akhoza kutenga mimba, choncho afunse njira ina. Amene ali pa ma ARV asawasiye, koma anene, chifukwa omwa mankhwala okhala ndi dolutegulaviya amawawonjezera pilitsi lina la madzulo.

Maliro, ganyu ya kutali kapena kusamuka zisakupezeni mulibe mankhwala. Uzani achipatala kapena mlangizi wa zaumoyo musananyamuke, tengani khadi lanu, ndipo ngati mukakhalitsa pemphani kalata yoti mukapitirizire ku chipatala cha kumene mukupitako.