Kutsata Nthambi za Mtengo pa Masamu a Mwayi

Pa masamu a mwayi, amene m'kalasi amatchedwa pulobabilite, funso lokhudza zinthu zochitika motsatizana limabwera kawirikawiri ndi chithunzi cha mtengo. Mtengowu umajambulidwa chogona, tsinde kumanzere, nthambi zikulowera kumanja. Pamene nthambi zasiyanirana pali mphanda, ndipo mphanda iliyonse imaimira nthawi imene chinthu chingathe kuchitika m'njira zingapo. Kunsonga kwa nthambi kumalembedwa chimene chachitika. M'mbali mwa nthambiyo mumalembedwa nambala ya mwayi wake, ndipo nambalayi siitsika kupitirira 0 kapena kukwera kupitirira 1. Ophunzira okonzekera mayeso a MSCE amakumana ndi zithunzi zotere, ndipo ambiri amataya malikisi chifukwa chosochera m'nthambi, ngakhale kuti kuwerengera kwenikweniko n'kosavuta.

Chitsanzo chimodzi chikwanira kuonetsa zonse. M'thumba muli nyemba 8, zofiira 5 ndi zoyera 3. Munthu akupisa dzanja osayang'ana, n'kutulutsa nyemba imodzi, ndipo osaibwezera akutulutsanso ina. Pa mphanda yoyamba pali nthambi ziwiri: ya nyemba yofiira ili ndi 5/8, ya yoyera ili ndi 3/8. Kunsonga kwa nthambi iliyonse kukuphuka mphanda ina ya kutola kwachiwiri.

Nambala za pa mphanda zachiwirizi ndi zimene zimafuna kuzimvetsa bwino. Nambala yolembedwa pa nthambi yachiwiri imanena za munthu amene wafika kale pa mphanda imeneyo, osati za aliyense amene wangoyamba kupisa m'thumba. Amene watulutsa yofiira poyamba wasiya nyemba 7, zofiira 4 ndi zoyera 3, choncho nthambi zake ndi 4/7 ndi 3/7. Amene watulutsa yoyera wasiyanso nyemba 7, koma zofiira 5 ndi zoyera 2, choncho zake ndi 5/7 ndi 2/7. Nthambi ziwiri zonse zolembedwa kuti "yofiira" zili ndi nambala zosiyana, 4/7 ndi 5/7, chifukwa zikuchokera ku matumba awiri osiyana m'kati mwake. Funso likadanena kuti nyembayo ikubwezeredwa, mphanda zonse zikadakhala ndi 5/8 ndi 3/8. N'chifukwa chake mawu a funso ayenera kuwerengedwa chithunzi chisanayang'anidwe.

Kuyenda kuchokera patsinde mpaka kunsonga yomaliza, osabwerera m'mbuyo ndiponso osalumphira pa nthambi ya pambali, ndiko kutsata njira imodzi. Nambala zonse za m'njira imodzi zimachulukitsidwa. Mtengo uwu uli ndi njira zinayi:

```
yofiira, yofiira:  5/8 × 4/7 = 20/56
yofiira, yoyera:   5/8 × 3/7 = 15/56
yoyera, yofiira:   3/8 × 5/7 = 15/56
yoyera, yoyera:    3/8 × 2/7 =  6/56
```

Chifukwa chochulukitsira chimaoneka bwino poyerekeza kuti anthu 56 apisa m'thumbalo mmodzimmodzi, ndipo zonse zayenda ndendende monga mwa mwayi wake. Anthu 35, omwe ndi 5/8 ya 56, ayamba ndi yofiira. Mwa 35 amenewa, 4/7 yawo, kutanthauza anthu 20, atulutsanso yofiira, ndipo 15 otsalawo atulutsa yoyera. Nthambi yachiwiri ikungotapa gawo pa gawo limene nthambi yoyamba inatapa kale, ndiye kuti nambala iyenera kumachepa munthu akamalowera kunsonga. Amene waphatikiza 5/8 ndi 4/7 m'malo mochulukitsa amapeza 67/56, yankho loposa 1, ndipo yankho lotere limadziulula lokha kuti n'lolakwika.

Kuphatikiza kumabwera pamene funso likukwaniritsidwa ndi njira zoposa imodzi. Mwayi woti nyemba ziwirizo zikhale zosiyana mtundu uli m'njira yachiwiri ndi yachitatu, choncho ndi 15/56 + 15/56 = 30/56, kapena kuti 15/28. Kulakwitsa kofala pano n'kutenga njira imodzi yokha, ngati kuti yofiira kenako yoyera ndi chimodzimodzi ndi yoyera kenako yofiira. M'dzanja zimaoneka zofanana, koma pamtengo ndi njira ziwiri, ndipo zonse ziyenera kuwerengedwa. Ndi bwinonso kusiya mafulakishoni onse ali ndi 56 pansi mpaka kumapeto. Kuchepetsa 20/56 kukhala 5/14 ndi 6/56 kukhala 3/28 kuwerengera kusanathe kumangowonjezera ntchito pophatikiza.

Funso likafuna mwayi woti patuluke nyemba yofiira ngakhale imodzi yokha, njira zitatu zoyambazo zonse n'zoyenera. Chachidule n'kupeza njira imodzi yosayenerayo n'kuichotsa pa 1: 1 − 6/56 = 50/56, kapena kuti 25/28.

Mafunso ambiri masiku ano amafika ngati chithunzi chojambulidwa ndi foni kuchokera m'buku, pa bolodi kapena pa pepala la mayeso akale, ndipo zimenezi zili ndi mavuto akeake. Nambala ikhoza kukhala pakati pa nthambi ziwiri osadziwika kuti ndi ya iti. Pa chithunzi chosaoneka bwino, 3 amafanana ndi 8, ndipo 1 amafanana ndi 7. Nthawi zina nthambi ya m'munsi imadulidwa yonse. Mtengo wokhawo uli ndi njira yodzitsimikizira: nthambi zonse zochokera pa mphanda imodzi zikaphatikizidwa ziyenera kukwana 1. Ngati nthambi ina ili ndi 4/7 ndipo inzake siikuwerengeka, ndiye kuti ndi 3/7. Ngati pa mphanda pakuoneka 5/7 ndi 3/7, zomwe zikupanga 8/7, nambala imodzi yawerengedwa molakwika kapena ndi ya mphanda ina. Ngati zikuperewera pa 1, mwina pali nthambi imene sinalowe m'chithunzi. Oyesa mayeso amasiyanso dala nthambi zina zopanda nambala kuti zidzazidwe mwa lamulo lomweli. Pomaliza, mayankho a kunsonga zonse ayenera kukwananso 1, monga pano 20 + 15 + 15 + 6 = 56. Chinthu chothandiza kwambiri n'kukopera mtengo wonsewo papepala, motalikitsa nthambi, kuwerengera kusanayambe.

Pali mafunso ena amene amayambira kunsonga kubwerera kutsinde. Loyamba ndi lofunsa mwayi woti nyemba yachiwiri ikhale yoyera, osanena kanthu za yoyamba. Kuloza 3/7 kapena 2/7 pa chithunzi n'kulakwa, pakuti iliyonse mwa nambalazi ikunena za mphanda yake yokha. Njira zothera pa yoyera ndi ziwiri, ndipo 15/56 + 6/56 = 21/56, zomwe ndi 3/8. Yankholi likufanana ndi mwayi wa yoyera pa kutola koyamba, ndipo n'zomveka: ngati mtundu wa nyemba yoyamba sukudziwika, nyemba iliyonse mwa 8 zija ili ndi mwayi wofanana wokhala yachiwiri.

Lachiwiri ndi lovutirapo. Zadziwika kuti nyemba yachiwiri inali yoyera. Mwayi woti yoyamba inali yofiira ndi wotani? Mwa anthu 56 aja, amene anathera pa yoyera ndi 21 okha, ndipo ena onse sakuwerengedwanso. Mwa 21 amenewa, 15 anadzera nthambi ya yofiira. Yankho ndi 15/21, kapena kuti 5/7. M'mafunso otere, njira imene ikufunidwa imagawidwa ndi chiwonkhetso cha njira zonse zogwirizana ndi chimene chadziwika kale, ndipo n'chifukwa chake nambala yapansi ikukhala 21 m'malo mwa 56.