Mita ya mmisiri nayo imafunika kuyesedwa

Batire ya asidi ya sola ikadzaza n'kupuma imaonetsa pafupifupi 12.7 V. Ikafika pa 12.2 V, moto watsala theka. Kusiyana kwake n'kochepa kwambiri, moti multimita ikamanama pang'ono chabe, mmisiri akhoza kutayitsa munthu batire yabwinobwino.

Ambiri amayesa mita yawo pa batire yatsopano ya tochi, koma imeneyo si mboni yodalirika: palembedwa 1.5 V, komabe ikakhala yatsopano imafika pafupifupi 1.6 V. Chofunika ndi gwero lomwe mphamvu yake ndi yodziwika ndipo sisinthasintha. Kachipangizo kotchedwa AD584 kamatulutsa 2.5, 5, 7.5 ndi 10 V, ndipo kamagulitsidwa kali kale pa kabolodi.

Tinene kuti buku la mita likuti ±(0.5% + 2) ndipo mmisiri waika pa 20 V n'kulumikiza ku 10 V. Gawo la 0.5% likupereka 0.05 V. Nambala ya 2 ikunena za dijiti yomaliza, yomwe pano ndi 0.01 V, ndiye kuti 0.02 V. Pamodzi ndi 0.07 V. Mita ikaonetsa pakati pa 9.93 ndi 10.07, ili bwino. Ikaonetsa 10.20, choyamba asinthe batire yamkati mwake, chifukwa mamita otchipa amakonda kukweza manambala batireyo ikafooka. Akatero ayesenso 2 V payokha ndi gwero lotsikirapo, popeza kulondola pa malo amodzi sikutsimikizira ena.

Poyeza volteji nthambo sizivuta, chifukwa mita imakoka magetsi ochepetsetsa. Nkhani imakula poyeza maomu. Nthambo yofiira ndi yakuda zili ndi maomu akeake, kawirikawiri pakati pa 0.1 ndi 0.5 Ω, ndipo mita imawaphatikiza ndi chinthu chimene ikuyeza.

Mmisiri wodziwa amayamba wagunditsa nsonga ziwirizo mwamphamvu n'kudikira kuti nambala ikhazikike. Tinene kuti yaima pa 0.3. Akagwiritsa pa rezisita ya 10 Ω ya 0.1%, mita n'kuonetsa 10.3, amachotsapo 0.3 n'kutsala ndi 10.0. Mita sinalakwe, zinawonjezera ndi nthambo. Mamita ena ali ndi batani la REL lomwe limachotsa lokha likadinidwa nsonga zili chigundire. Koma nambala ikamavina, pena 0.3 pena 1.8, palibe chochotsera. Nsonga zachita dzimbiri, kapena waya wathothoka mkati pafupi ndi chogwirira, ndipo kugwedeza nthamboyo kumaulula pomwe pali vuto.

Pa rezisita ya 10 kΩ, 0.3 uja saoneka n'komwe. Pa 1 MΩ chosokoneza ndi zala: munthu akatsina miyendo yonse iwiri ya rezisita, magetsi ena amadutsa m'thupi mwake ndipo nambala imatsika. N'chifukwa chake rezisita yotere imagonekedwa pa thabwa louma n'kuipana ndi timakilipi, manja ali patali.