Waphatikiza bwino, koma funso limafuna kuchotsera

Funso la mu Sitandade 4 likuti: "Chikondi ali ndi mango 24. Mango akewo akuposa a Mphatso ndi 9. Kodi Mphatso ali ndi mango angati?" Mwana walemba 24 + 9 = 33, manambala wandandalika bwino, palibe pamene waphonya pophatikiza. Koma yankho ndi 15, chifukwa amayenera kuchotsera. Kodi mphunzitsi achonge bwanji?

Aphunzitsi ena amamva chisoni n'kupereka theka la malikisi, ati mwanayo wayesetsa. Ine ndikuona kuti kutero n'kumunamiza. Samu ya mawu imayesa ngati mwana angathe kumva nkhani n'kusankha yekha chochita ndi manambalawo. Pochonga mayeso, malikisi a yankho amatsamira pa malikisi a njira, ndipo njira ikalakwika onse agwa. Apa mwana wayankha funso lomwe sanafunsidwe.

Komanso kungodula mtanda wofiira pa 33 sikuthandiza. Mwana akauona amaganiza kuti walakwitsa kuphatikiza, ndiye amabwereza kuwerenga zala, n'kupezanso 33 yemweyo, n'kusokonezeka. Cholembera chipite pamene pagona vuto: zungulizani chizindikiro cha +, ndipo pambali lembani kuti, "Waphatikiza bwino, koma ndani ali ndi mango ambiri?"

Chamusocheretsa kawirikawiri ndi mawu oti "akuposa". Ana ambiri anazolowezedwa kusaka mawu amodzi m'funso: akaona "kuposa" aphatikize, akaona "zatsala" achotsere. Pa mafunso ophweka njirayi imagwira, koma pano wokhala ndi mango ambiri ndi amene nambala yake yaperekedwa kale, choncho pamafunika kubwerera m'mbuyo.

Mu 1977, Anne Newman wa ku Australia anasonyeza kuti mwana akhoza kupunthwa powerenga funso, polimvetsa, posankha njira, powerengetsera kapena polemba yankho. Kope lokha silingakuuzeni pamene wapunthwira. Muitaneni awerenge funsolo mokweza, kenako alifotokoze m'mawu akeake. Akati Mphatso ndiye ali ndi ambiri, nkhaniyo sanaimve. Akati Chikondi ndiye ali ndi ambiri koma n'kuumirirabe kuphatikiza, vuto lili posankha njira. Pamenepo mpatseni zitsekerero za mabotolo 24, zikhale mango a Chikondi, ndipo ayale za Mphatso mumzere wapansi pake. Akayala 33 adzaona yekha kuti mzere wa Mphatso watalika, pomwe funso lati wa Chikondi ndiwo wautali.

M'kalasi yodzaza simungaitane aliyense. Pochonga, ikani padera makope onse amene alemba 33, ndipo muluwo ukakula, funsolo libwerere pa bolodi m'mawa mwake. Kuyambira Sitandade 5, pamene masamu amaphunzitsidwa m'Chingerezi, yambani mwafunsa funso lomwelo m'Chichewa, chifukwa ena mwa anawo chawagwetsa n'chiyankhulo osati samu.