Kabokosi Kamodzi, Mizere Itatu

Mlembi wa kopaletivu wajambula pafoni pepala la katundu amene afika. Tebulo lake lili ndi madanga atatu otsika: nambala, dzina la katundu ndi mtengo. Katundu ndi wa mitundu 40, koma pulogalamu yowerenga zilembo pachithunzi itamaliza ntchito, mu Excel mwatuluka mizere 53. Ina 13 ija yachokera kuti?

Yachokera m'timabokosi tomwe mawu anachuluka n'kusefukira pansi. Pulogalamu ngati Tesseract imaona mizere ya mawu, siidziwa kuti "Feteleza wa chimanga", "thumba la makilogalamu 50" ndi "wobereketsa" n'chinthu chimodzi. Ikaona mawu atsika, imayesa katundu wina wayamba.

Ngati tebulolo lili ndi mizere yojambula, yambani ndi imeneyo. Pezani malire a kabokosi kalikonse, mukadule pachithunzipo, kenako muwerenge mawu ake pakokha. Zonse zam'kati mwa mpanda umodzi n'zamodzi.

Povuta m'pamene mipandayo palibe, kapena yafufutika. Apa mumafuna danga lomwe limakhala ndi chinthu chimodzi chokha pa katundu aliyense, monga la nambala. Mzere wokhala ndi nambala ukuyambitsa katundu watsopano. Wopanda nambala ndi mchira wa wapamwamba pake, ndipo muulumikize komweko.

Njira imeneyi ili ndi msampha umene umandidetsa nkhawa, chifukwa suonekera. Matebulo ena amaika nambala pakatikati pa kabokosi. Ndiye 7 amayang'anizana ndi "thumba la makilogalamu 50", pomwe "Feteleza wa chimanga" ali pamwamba wopanda nambala, ndipo amakamatidwa kwa katundu wa nambala 6. Mizere ikwana 40 ndithu, mitengo iwonkhetseka bwino, koma mayina asokonekera. Chothandiza ndi kuyeza mipata: Tesseract imatha kupereka `top` ndi `height` pa liwu lililonse, ndipo kawirikawiri mpata wa pakati pa katundu awiri umaposa wa mizere ya m'kabokosi kamodzi.

Polumikiza, ganizirani chimene chinadula mawuwo. Ngati kunali kuchepa kwa malo, ikani mpata umodzi basi. Koma ngati muli manambala awiri a foni, wina pamwamba wina pansi, kuduka kumeneko kuli ndi tanthauzo, musakufafanize. Fayilo ya CSV imalola zimenezi. Chikalata cha RFC 4180 cha mu 2005 chimati kabokosi kotere katsekeredwe m'zizindikiro za `"`:

```
8,"Mbewu ya soya
Mbewu ya mtedza",45000
```

Mukaiwala zizindikirozo, "Mbewu ya mtedza" igwera m'danga la nambala ngati katundu watsopano.

Pomaliza tengani pepala lija m'manja. Onani ngati manambala akuyenda 1 mpaka 40 osadumpha, kenako sankhani timabokosi tisanu totalika kwambiri, muwerenge tonse pamodzi ndi oyandikana nato, wapamwamba ndi wapansi.